Kasanjidwe ka Chaputala Chounika Zolemba za Ena: Chitsanzo cha Ntchito Zosalembetsedwa M'mizinda Yokula Mofulumira

Wophunzira aliyense amene akulemba lipoti la kafukufuku m'chaka chomaliza amafika pa chaputala chachiwiri, chomwe m'kalasi timangochitcha litirecha riviyu. Apa ndi pomwe mumaunika zomwe ena analemba kale pa mutu wanu. Ambiri amalemba chaputalachi ngati mndandanda wa opereka chipepeso pamaliro: uje anati chakuti, uje naye anati chakuti, mpaka masamba atakwana. Wowerenga amafika kumapeto asakudziwa kuti olembawo akugwirizana pati, akutsutsana pati, ndiponso kuti inuyo mwaima pati. Kutaya malikisi n'kochepa poyerekeza ndi vuto lotsatira: mafunso omwe mukafunse anthu pa chaputala chachitatu amachokera m'chaputala chachiwiri, ndipo chikasokonekera, mumakafunsa anthu olakwika mafunso olakwika.

Mutu womwe titengepo chitsanzo ndi wa ntchito zosalembetsedwa kuboma, zomwe m'mabuku a zachuma amazitcha infomo sekita: wogulitsa zovala za kaunjika, wakabaza, wokonza mafoni pakhonde la sitolo, kalipentala wa pansi pa mtengo, mayi wogulitsa zitumbuwa padepoti. Zolembedwa pa mutuwu n'zambiri, zopitirira zaka 50, ndipo zili ndi khalidwe limodzi lomwe limathandiza wophunzira: kuyambira pachiyambi, olemba ake akhala akukangana. Choncho chaputala chanu chisanjidwe motsata mkanganowo, osati motsata mayina a olemba kapena zaka zomwe analemba.

Yambani ndi funso lomwe lingayankhidwe

"Ntchito zosalembetsedwa m'mizinda ya mayiko osauka" ndi mutu chabe, si funso. Mukautenga momwemo, chilichonse chomwe mwawerenga chioneka choyenera kulowa, kuyambira ngongole za mabanki am'mudzi mpaka ana ogwira ntchito. Funso ndi lomwe limakuuzani choti mutaye. M'nkhani ino tigwiritsa ntchito ili: n'chifukwa chiyani mabizinesi ang'onoang'ono a m'mizinda yokula mofulumira salembetsa kuboma, ndipo akalembetsa chimasintha n'chiyani?

Funsoli latchula chinthu choti chifotokozedwe, chomwe ndi kusalembetsa, ndiponso latchula amene tikuwayang'ana, omwe ndi eni mabizinesi, osati antchito awo. Likutiuzanso magawo omwe chaputala chifunike: tanthauzo la chinthucho, mafotokozedwe omwe akupikisana, umboni womwe umawayesa, mbali ya mzinda weniweniwo, ndi mpata womwe watsala.

Pofufuza pakompyuta, mawu omwe mwalemba amasankha olemba omwe mukumane nawo. Mu Google Scholar yesani mizere itatu iyi payokhapayokha:

```
"informal sector" urban registration firms
"informal employment" urban workers
"street vendors" city space eviction
```

Mudzaona kuti mzere uliwonse ukubweretsa gulu lake la olemba: woyamba akatswiri a zachuma, wachiwiri a ziwerengero ndi zantchito, wachitatu a kamangidwe ka mizinda. Wophunzira amene wafufuza ndi mzere umodzi amalemba ngati mudzi wonse ukugwirizana, pomwe wangocheza ndi banja limodzi.

Gawo loyamba: mukuwerenga mabizinesi kapena anthu?

Gawo la tanthauzo lisakhale lokopera matanthauzo asanu kenako n'kupitirira. Ntchito yake ndi kuonetsa kuti tanthauzo linasintha, kuti kusinthako kumasintha ziwerengero, ndi kunena lomwe inu mwasankha.

Mbiri yake ndi yaifupi. Keith Hart, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku Britain, anachita kafukufuku m'dera la Nima mumzinda wa Accra ku Ghana, pakati pa anthu a mtundu wa Frafra ochokera kumpoto kwa dzikolo. Anaona kuti anthu omwe boma linkawawerenga ngati malova ankapeza ndalama tsiku ndi tsiku m'njira zomwe kaundula wa boma sankazidziwa. Anafotokoza zimenezi pamsonkhano wa mu 1971, ndipo pepala lake linasindikizidwa mu 1973. Mu 1972, bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO linatulutsa lipoti la dziko la Kenya lomwe linafalitsa mawuwa. Lipotilo linazindikira mabizinesiwa poona maonekedwe awo: ndi aang'ono, n'zosavuta kuwayamba, eni ake ndi banja, ndipo luso lake siliphunziridwa kusukulu.

Matanthauzo omwe amagwiritsidwa ntchito powerengera anthu anabwera pambuyo pake, kuchokera ku misonkhano ya akatswiri a ziwerengero zantchito yomwe ILO imaitanitsa. Msonkhano wa mu 1993 unayang'ana bizinesi: yopanda mabuku okwanira a ndalama, yosasiyanitsidwa mwalamulo ndi mwini wake, komanso yaing'ono kapena yosalembetsa. Msonkhano wa mu 2003 unayang'ana ntchito ya munthuyo: kodi ili pansi pa malamulo a zantchito, ili ndi penshoni, tchuthi cholipidwa, chitetezo pochotsedwa? Msonkhano wa mu 2023 unakonzanso matanthauzowa, kotero muziona chaka chomwe ziwerengero zomwe mukutenga zinasonkhanitsidwa.

Kusiyana kwake kumaoneka bwino ndi anthu atatu. Kalipentala yemwe ali ndi shedi yosalembetsa ndi anyamata awiri amalowa m'matanthauzo onse. Mlonda yemwe amagwira ku kampani yolembetsedwa koma alibe kalata ya ntchito kapena penshoni salowa m'tanthauzo la 1993, chifukwa bizinesi yomulemba ndi yolembetsedwa, koma amalowa m'la 2003. Wantchito wapakhomo wopanda mgwirizano wolembedwa nayenso amalowa m'la 2003, ngakhale kuti womulemba si bizinesi n'komwe.

Pali chinthu china chomwe chimasuntha ziwerengero kwambiri, ndicho ulimi. Lipoti la ILO la mu 2018 linapeza kuti anthu 2 biliyoni, omwe ndi pafupifupi 61 mwa 100 alionse ogwira ntchito padziko lonse, ali pantchito zosatetezedwa ndi malamulo. Mu Africa chiwerengerocho chinali pafupifupi 86 mwa 100, koma mukachotsa ulimi chimatsika kufika pafupifupi 72. Wophunzira amene akulemba za m'mizinda n'kutenga 86 uja wawerengera pamodzi alimi akumudzi omwe sakuwaphunzira. Ndipo chiwerengerocho ndi cha anthu, osati cha mabizinesi, choncho pa funso lathu chimangopereka chithunzi cha kukula kwa nkhaniyo, si umboni.

Gawoli lithe ndi chiganizo chosankha. Pa funso lathu chingakhale chotere: "M'kafukufukuyu titsata tanthauzo loyang'ana bizinesi, ndipo bizinesi yosalembetsa ndi yomwe ilibe satifiketi ya ku ofesi yolembetsa mabizinesi." Onani kuti tatchula kulembetsa kwake. Bizinesi ikhoza kulembetsa dzina, kulembetsa msonkho, kapena kutenga laisensi ya khonsolo, ndipo izi ndi zinthu zitatu zosiyana. Venda amene amadula tikiti ya msika m'mawa uliwonse akulipira boma kale ngakhale alibe pepala lina lililonse.

Gawo lachiwiri: sandutsani maganizo kukhala zolosera

Martha Chen wa bungwe la WIEGO, m'pepala lake la mu 2012, anagawa olemba pa mutuwu m'magulu anayi, ndipo ophunzira ambiri amatsata kagawidweka. Si kolakwika, koma kungofotokoza magulu anayiwo motsatana kumabweretsanso mndandanda uja. Chomwe chimapatsa gawoli moyo ndi kufunsa gulu lililonse funso limodzi lomwelo: boma litachotsa mtengo ndi chintchito cholembetsa, chingachitike n'chiyani?

Gulu loyamba limaona chuma chogawika pawiri. Muzu wake uli m'ganizo la W. Arthur Lewis la mu 1954, loti makampani amakono adzakoka pang'onopang'ono anthu otsala m'ntchito zopanda phindu lenileni. Malinga ndi gululi, anthu amachita geni chifukwa ntchito zolembedwa n'zochepa poyerekeza ndi anthu omwe akulowa mumzinda. Yankho lawo pa funso lathu n'lakuti kulembetsa sikungasinthe zambiri, chifukwa vuto ndi kuchepa kwa mpamba, luso ndi makasitomala, osati pepala.

Gulu lachiwiri limakana kuti mbali ziwirizi n'zolekana. Caroline Moser mu 1978, komanso Manuel Castells ndi Alejandro Portes mu 1989, anaonetsa kuti makampani akuluakulu amadalira mabizinesi ang'onoang'ono kuti achepetse ndalama zomwe amawononga. Telala amene amasokera fakitale ali kunyumba kwake, kapena mnyamata wogulitsa zakumwa za kampani yaikulu pamphambano, ndi wantchito wa kampaniyo m'zonse kupatula pamalipiro ndi chitetezo. Yankho lawo n'lakuti satifiketi siyisintha amene amaika mtengo, choncho phindu silisuntha.

Gulu lachitatu ndi la Hernando de Soto wa ku Peru, yemwe buku lake linatuluka mu 1986. Iye amati anthu osauka ndi amalonda aluso omwe malamulo ovuta amawatsekera kunja. Gulu lake linayesa kulembetsa kafakitale kosoka zovala mumzinda wa Lima, ndipo zinatenga masiku 289. Yankho lake n'lomveka bwino kuposa onse: chotsani zopingazo, ambiri alembetsa, apeza ngongole, ndipo akula.

Gulu lachinayi, lomwe William Maloney analiyankhulira mu 2004 pogwiritsa ntchito makamaka ziwerengero za ku Mexico, limati ambiri amasankha okha. Amayerekeza zomwe kulembetsa kungawapatse ndi msonkho womwe kungawabweretsere, n'kuona kuti sizipindula. Yankho lawo n'lakuti kuchotsa mtengo wolembetsa pakokha sikukwanira. Anthu alembetsa pokhapokha phindu lake likaposa zotayika.

Tsopano muli ndi mayankho anayi osiyana pa funso limodzi, ndipo wowerenga akufuna kudziwa lomwe umboni ukulichirikiza. Musanatseke gawoli, onjezani chenjezo lomwe Gary Fields anapereka mu 1990, loti ntchitozi zili ndi magulu awiri: lapamwamba, lomwe anthu amalowa mwakufuna ndipo limafuna mpamba, ndi lapansi, lomwe aliyense amalowa chifukwa chosowa pogwira. Mwini galaja ya makaniko asanu ndi mayi wogulitsa tomato pathumba sangafotokozedwe ndi ganizo limodzi. Choncho funso lenileni si lakuti gulu lolondola ndi liti, koma lakuti gulu lililonse likulondola pa anthu ati.

Gawo lachitatu: tebulo poyamba, ndime pambuyo

Musanalembe ndime iliyonse ya umboni, jambulani tebulo. Mzere uliwonse ukhale kafukufuku mmodzi, ndipo madanga ake akhale omwewo kwa onse: malo, amene anaphunziridwa, njira, ndi zomwe zinapezeka. Tebuloli nthawi zambiri sililowa m'lipoti, koma ndi lomwe limakuonetsani zoti mulembe. Nachi chitsanzo cha mizere itatu.

| Malo ndi olemba | Anaphunzira ndani | Njira | Anapeza chiyani |
|---|---|---|---|
| Lima, de Soto | Kafakitale kamodzi koyeserera | Kutsata ndondomeko yonse ya boma | Kulembetsa kunatenga masiku 289 |
| Colombo ndi Kandy, de Mel, McKenzie ndi Woodruff | Mabizinesi okhala ndi antchito olipidwa, osapitirira 14 | Kugawa thandizo mwamaere | Kubwezeredwa ndalama sikunakope anthu. Mphatso ya ndalama inakopa |
| Blantyre ndi Lilongwe, Campos, Goldstein ndi McKenzie | Mabizinesi osalembetsa oposa 3,000 | Kugawa thandizo mwamaere | Ambiri analembetsa dzina, ochepa kwambiri msonkho |

Danga la njira likuulula kale kanthu. Zomwe de Soto anachita zikutsimikiza kuti kulembetsa kunali kovuta, koma sizikutsimikiza kuti kuvutako ndi komwe kunkaletsa anthu. Kuti mudziwe zimenezo, muyenera kuchotsa chopingacho kwa ena, kuchisiya kwa ena, n'kuyerekeza. Ndi zomwe makafukufuku awiri enawo anachita. Kugawa mwamaere kumathandiza chifukwa magulu awiriwo amakhala ofanana poyamba, kotero kusiyana komwe kwabwera pambuyo kumachokera ku thandizolo. Mukangoyerekeza mabizinesi olembetsa ndi osalembetsa monga mwawapezera, olembetsa adzaoneka aphindu nthawi zonse, koma mwina analembetsa chifukwa anali akukula kale.

Ku Sri Lanka, m'kafukufuku wosindikizidwa mu 2013, kufotokozera eni mabizinesi ndondomeko ndi kuwabwezera ndalama zolembetsera sikunawonjezere olembetsa. Atalonjezedwa ndalama zofanana ndi phindu la theka la mwezi mpaka mwezi umodzi, pafupifupi mmodzi mwa asanu analembetsa. Ndalamazo zitafika pa phindu la miyezi iwiri, analembetsa pafupifupi theka. Pambuyo pake phindu linakwera mukaphatikiza onse, koma kukwerako kunachokera makamaka ku mabizinesi ochepa omwe anakula mofulumira.

Kuno kwathu zinayenda mosiyana. Ochita kafukufuku anapita kwa eni mabizinesi, kuwathandiza kudzaza mafomu, kukapereka mafomuwo ndi kulipira, kenako kuwabweretsera satifiketi. Pafupifupi 75 mwa 100 alionse omwe anapatsidwa thandizoli analandira satifiketi ya bizinesi, koma omwe anavomera kulembetsanso msonkho anali ochepa kwambiri. Satifiketi payokha sinakweze phindu. Gulu lomwe linalandiranso maphunziro ochokera ku banki okhudza akaunti ya bizinesi ndi lomwe malonda ake anakwera ndi pafupifupi 20 pa 100, ndipo phindu ndi pafupifupi 15 pa 100.

Pa kafukufuku wa Malawiyu pali msampha womwe umagwira ambiri. Zotsatira zake zinatuluka m'mapepala angapo, loyamba mu 2015 ndipo ena pambuyo pake, pamene ofufuza ankawatsatirabe mabizinesi omwewo. Mukawapeza onse, musawawerenge ngati maumboni osiyana ogwirizana. Ndi mboni imodzi yomwe yayankhula kangapo, ndipo mawu ake omaliza ndi omwe ali ndi nthawi yaitali yoonera zotsatira.

Ndime imodzi, yolembedwa kawiri

Tiyeni tione mmene tebuloli limasandukira ndime. Kalembedwe kofala n'kotere:

"De Soto anapeza kuti kulembetsa ku Peru kumatenga masiku 289. De Mel ndi anzake anapeza kuti ku Sri Lanka anthu salembetsa ngakhale atabwezeredwa ndalama. Campos ndi anzake anapeza kuti ku Malawi anthu 75 mwa 100 analembetsa."

Zonsezi n'zoona, koma ndimeyi yasiya wowerenga pamphambano. Ziganizo ziwiri zomaliza zikutsutsana, ndipo wolemba sanaone. Nayi ndime yomweyo italembedwa motsata mkangano:

"Ganizo loti mtengo wolembetsa ndiwo umaletsa anthu limatsimikizika pang'ono chabe. Ku Sri Lanka, kubweza ndalama zolembetsera sikunasinthe kanthu, pomwe ku Blantyre ndi Lilongwe atatu mwa anayi alionse analembetsa atathandizidwa. Kusiyanaku kungafotokozedwe ndi zinthu ziwiri. Choyamba, ku Malawi thandizo linachotsa ulendo ndi nthawi yomwe, osati ndalama zokha. Chachiwiri, kulembetsa dzina kunali kolekana ndi kulembetsa msonkho, ndipo msonkho utatchulidwa ambiri anakana, zomwe zikugwirizana ndi ganizo loti eni mabizinesi amawerengera phindu ndi zotayika. Mbali yachiwiri ya ganizo la de Soto, yoti satifiketi imatsegula njira yokulira, sinaoneke kwa mabizinesi ambiri m'mayiko onse awiri."

Onani zomwe zasintha. Chiganizo choyamba ndi chanu, ndipo ndi chigamulo. Olemba abwera ngati mboni, osati ngati eni ndime. Pomwe akutsutsana, mwapereka chifukwa chochokera m'madanga a tebulo lanu. Ndipo chiganizo chomaliza chabwerera ku zolosera za gawo lachiwiri, kotero magawo awiriwo alumikizana.

Ndime yotsatira ingabweretse Rafael La Porta ndi Andrei Shleifer, omwe mu 2014 anaunika ziwerengero za mabizinesi m'mayiko ambiri. Iwo anapeza kuti mabizinesi osalembetsa amatulutsa zochepa kwambiri pa wantchito aliyense, eni ake ambiri sanapite patali ndi sukulu, ndipo ndi ochepa omwe amadzasanduka olembetsa. Izi zikupereka mphamvu ku gulu loyamba lija. Koma nenaninso malire ake: ziwerengero zotere zimaonetsa zinthu zoyendera limodzi, sizionetsa chomwe chayambitsa chinzake. Nenaninso kuti makafukufuku amaere aja sanayese ganizo la gulu lachiwiri, chifukwa sanasinthe ubale wa bizinesi yaing'ono ndi kampani yomwe imaigula kapena kuigulitsa katundu. Ganizo lomwe silinayesedwe silinagonje.

Gawo lachinayi: musaiwale mzindawo

Mutu wanu ukunena za mizinda yokula mofulumira, koma machaputala ambiri amatchula kukulako m'ndime yoyamba basi, kenako n'kulemba ngati bizinesi ili m'malere. Gawoli liyankhe funso lakuti kukula kwa mzinda kumalowa bwanji m'nkhani ya kusalembetsa. Pali njira ziwiri zomwe zolembedwa zimaonetsa.

Yoyamba ndi ya anthu. John Harris ndi Michael Todaro anafotokoza mu 1970 kuti munthu amasamukira kutauni poyerekeza zomwe amapeza kumudzi ndi malipiro akutauni ataphatikiza mwayi wopeza ntchitoyo. Choncho anthu amabwerabe ngakhale ulova uli wochuluka, ndipo podikira amachita geni. Koma samalani poganiza kuti mzinda uliwonse ukukula chifukwa cha obwera. Mizinda imakulanso chifukwa cha ana obadwira momwemo ndiponso chifukwa boma lafutukula malire. Deborah Potts, pogwiritsa ntchito kalembera wa mayiko a mu Africa, anaonetsa kuti m'mayiko ena kusamukira kutauni kunachepa kwambiri, ndipo ku Zambia gawo la anthu okhala m'matauni linatsika pakati pa 1980 ndi 2000 pamene migodi ya kopa inalowa pansi. Ngati ambiri mwa ochita geni mumzinda wanu anabadwira momwemo, ganizo la Harris ndi Todaro silingakhale msana wa chaputala chanu.

Yachiwiri ndi ya malo, ndipo apa tebulo lathu lili ndi mphatso yobisika. Ku Sri Lanka, chifukwa chomwe chinatchulidwa kwambiri ndi omwe sanalembetse chinali nkhani ya umwini wa malo. Mzinda ukamakula mofulumira kuposa mmene khonsolo ikugawira mapuloti ndi kumangira misika, mabizinesi ambiri amakhala pamalo opanda mapepala, ndipo kulembetsa kumafuna adiresi yomwe mwini wake sangaitsimikize, kapena akuopa kuiulula. Kwa venda wa mumsewu, nkhani yaikulu si satifiketi koma ngati mawa apeza benchi lake lilipo. Ku Zimbabwe mu 2005, boma litagwetsa nyumba ndi misika yomwe linati njosaloledwa, nthumwi ya bungwe la mgwirizano wa mayiko onse, Anna Tibaijuka, inayerekeza kuti anthu 700,000 anataya nyumba, njira yopezera ndalama, kapena zonse ziwiri. Olemba omwe mzere wachitatu wofufuzira uja unabweretsa amalowa pano.

Gawo lomaliza: mpata weniweni

Chiganizo chakuti "palibe amene anachita kafukufukuyu m'tauni yathu" si mpata. Palibenso amene anawerenga miyala ya m'bwalo la koleji, koma zimenezo sizikutanthauza kuti tiyambe. Mpata weniweni umaoneka m'tebulo, pa danga lomwe likubwereza chinthu chomwecho m'mizere yonse. M'chitsanzo chathu, yang'anani danga la amene anaphunziridwa. Umboni wamphamvu kwambiri ukuchokera ku mabizinesi okulirapo, a gulu lapamwamba la Fields, pomwe chopinga chomwe chinaonekera mosayembekezereka ndi cha malo. Choncho mpata ungalembedwe motere: "Sizikudziwika bwino ngati kusatsimikizika kwa malo ochitira malonda kumaletsa mabizinesi aang'ono kwambiri kulembetsa kuposa mmene mtengo kapena msonkho umaletsera. Kafukufukuyu ayerekeza amalonda okhala ndi benchi lokhazikika mumsika wa khonsolo ndi anzawo ogulitsa katundu yemweyo kunja kwa mpanda."

Chiganizo chimenechi chakonza kale chaputala chachitatu. Chakuuzani anthu okawafunsa, magulu awiri okayerekeza, ndi mafunso omwe sangasowe: malowo ndi a yani, munathamangitsidwapo kangati, mumalipira chiyani ndipo kwa yani, ndi mapepala ati mwa atatu aja omwe muli nawo.

Pa chaputala cha mawu 3,000, kagawidwe koyenera kangakhale kotere: mawu 200 olonjera ndi kunena funso, 500 a tanthauzo, 700 a maganizo anayi, 1,000 a umboni, 400 a mzinda, ndi 200 a mpata. Gawo la umboni ndi lomwe liyenera kukhala lalitali. Mukapeza kuti la maganizo laposa la umboni, ndiye kuti mwafotokoza mlandu koma simunauzenge.

Mmene mungadziwire kuti chasokonekera

Mukamaliza kulemba, tengani pensulo n'kudula mzere pansi pa chiganizo choyamba cha ndime iliyonse. Werengani ziganizo zimenezo zokha motsatana. Ngati zikupanga mfundo yoyenda kuchokera pa funso kufika pa mpata, chaputala chili bwino. Ngati zambiri zikuyamba ndi dzina la munthu ndi chaka, mwabwerera ku mndandanda wa chipepeso.

Kenako yang'anani chiwerengero chilichonse n'kudzifunsa mafunso atatu: n'cha mabizinesi kapena cha anthu, ulimi ulimo kapena mulibe, ndipo n'cha dziko lonse kapena cha m'tauni mokha? Ziwerengero ziwiri zomwe zasiyana pa limodzi la mafunsowa zisaikidwe m'chiganizo chimodzi ngati zofanana.

Pomaliza, fufuzani pomwe mwalemba kuti "akatswiri akugwirizana". Pa mutu uno mawu amenewa sakhala oona kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri amasonyeza kuti mwawerenga gulu limodzi. Bwererani ku zolosera zinayi zija, muone ngati chilichonse chalandira yankho m'gawo la umboni: chatsimikizika, chatsutsidwa, kapena sichinayesedwe. Cholosera chomwe chatsala chopanda yankho chikusonyeza pepala lomwe muyenera kukalifufuza musanapereke chaputalacho kwa aphunzitsi okuyang'anirani.